Masilaidi khumi opemphera ngongole ya bizinesi yaing'ono

Masilaidi opemphera ngongole ndi masamba ochepa, okonzedwa pa kompyuta ndi pulogalamu ngati PowerPoint kapena Google Slides, amene mwini bizinesi amaonetsa kwa a banki, a SACCO kapena bungwe lina lobwereketsa ndalama. Tsamba lililonse limanyamula mfundo imodzi, ndipo onse pamodzi amafotokozeka m'mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Salowa m'malo mwa fomu ya ngongole kapena zikalata zimene banki imafuna. Ntchito yake ndi kuthandiza woona za ngongole kumvetsa pempho msanga, kuti akathe kulifotokoza bwino ku komiti imene imavomereza ngongole, kumene mwini bizinesi sakhalako.

Wobwereketsa ndalama amasiyana ndi munthu wogula gawo la bizinesi. Wogula gawo amapindula bizinesi ikakula kwambiri, choncho amakopeka ndi masomphenya aakulu. Banki imangolandira ndalama zake ndi chiwongoladzanja, kaya bizinesi ikule kakhumi kapena ikule pang'ono. Chimene imafuna kudziwa ndi kuchuluka kwa ndalama zofunikazo, ntchito yake, kumene zobweza zidzachokere, ndi chimene chidzachitike zinthu zikavuta. Ndondomeko ya masilaidi imatsata mafunso amenewa. Chitsanzo chimene chili m'munsimu ndi cha chigayo cha pa msika wina wa kumudzi chimene chikufuna kuonjezera makina okonolera chimanga, ndipo manambala ake ndi ongoyerekezera.

Loyamba mpaka lachitatu: pempho, bizinesi ndi msika

Silaidi yoyamba imatchula dzina la bizinesi, malo ake ndi pempho lonse m'chiganizo chimodzi: ngongole ya K12,000,000, yobweza m'miyezi 24, yogulira makina okonolera. Ambiri amasunga nambala imeneyi mpaka kumapeto pochita manyazi, koma woona za ngongole amaweruza tsamba lililonse poliyerekeza ndi kukula kwa pempho. Akapanda kulidziwa amamvetsera ali ndi funso mumtima.

Yachiwiri imafotokoza bizinesi ndi anthu oiyendetsa. Pano pamalembedwa chaka chimene inayamba, chimene imagulitsa, chiwerengero cha antchito, nambala ya setifiketi ya kalembera wa bizinesi, nambala ya msonkho yochokera ku MRA, ndi laisensi ya ku khonsolo. Za mwini wake zimakwana m'mizere iwiri: zaka zimene wagwira ntchito ya chigayo, ndi munthu amene amayang'anira iye akadwala kapena akachoka. Chithunzi chenicheni cha chigayocho chikugwira ntchito chimaposa chithunzi chokongola chotengedwa pa intaneti, chifukwa a banki adzabwera kudzaona malowo ndi maso awo.

Yachitatu ndi ya msika. Silaidi imeneyi imafooka ikayamba kunena kuti Amalawi onse amadya nsima, popeza chigayo chimodzi sichigayira dziko lonse. Msika wake ndi midzi imene anthu ake amatha kufika ndi thumba pamutu kapena panjinga. Umboni wamphamvu ndi umene mwini wake wawerenga yekha: m'kope lake alembe kwa mwezi wathunthu anthu amene abwera kudzafunsa zokonola n'kubwezedwa, mtunda wokafika pa chokonolera chapafupi, ndi mtengo wa chitini kumeneko. Opikisana nawo atchulidwe poyera. Wonena kuti alibe wopikisana naye amaoneka ngati sanayende m'dera lake.

Lachinayi: ndalama za m'mbuyomu

Apa ndi pamene woona za ngongole amayamba kulemba. Silaidi ionetse ndalama zolowa ndi zotuluka za miyezi 12 yapitayi, mwezi ndi mwezi. Pa chigayo chathu, pa avareji zimalowa K2,400,000 pamwezi. Magetsi amatenga K900,000, malipiro a antchito K300,000, nyundo, sefa, malamba ndi girisi K200,000, lendi ndi misonkho K100,000, ndipo mwini wake amatengako K300,000 zosamalira banja. Zotsala ndi K600,000.

Ndalama zimene mwini amatenga zilembedwe ndithu. Zikasowa, a banki amadziwa kuti banja limadya tsiku ndi tsiku, ndipo amaikapo nambala yawoyawo, nthawi zambiri yokulirapo. Chachiwiri, manambala agwirizane ndi sitetimenti ya ku banki. Chigayo chimalandira ndalama pamanja, ndipo ngati silaidi ikunena K2,400,000 pamene mu akaunti mumalowa K700,000, kusiyanako kumafuna umboni. Kope la zogaya za tsiku ndi tsiku, malipoti a Airtel Money kapena TNM Mpamba, ngakhalenso malisiti a ESCOM amathandiza, chifukwa magetsi ogwiritsidwa ntchito amasonyeza kuti makina anazungulira motani. Wokonzekera bwino amayamba kusungitsa ku banki zonse zolowa kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti apemphe ngongole.

Lachisanu ndi lachisanu ndi chimodzi: ntchito ya ngongole ndi zoyembekezera

Silaidi yachisanu imaphwanya ndalama zonse zofunika. Makina okonolera ndi K7,500,000, mota ya magetsi K4,000,000, mawaya ndi kuika makina K2,000,000, kukuza chipinda K1,500,000. Zonse ndi K15,000,000. Mwini wake akuikapo K3,000,000 zake, ndipo K12,000,000 ndiyo ngongole. Obwereketsa amafuna kuona kuti mwini wake nayenso ali ndi chotaya, ndipo mzere wakuti "zina ndi zina" wokhala ndi nambala yaikulu umawakayikitsa. Mtengo uliwonse ukhale ndi kotesheni ya wogulitsa yokhala ndi tsiku. Makina ambiri amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya katundu wotere inasintha m'masiku ochepa. Kotesheni yakale ingachititse kuti ngongole ituluke koma makina osakwanira kugulidwa.

Yachisanu ndi chimodzi imanena zimene makina atsopano adzabweretse, ndipo njira yowerengera ionekere. Zitini 40 patsiku, pa K1,200 chitini, kwa masiku 25 pamwezi, zimapereka K1,200,000. Kuchotsapo K700,000 za magetsi, wantchito wina ndi zokonzetsera, kutsala K500,000. Kuphatikiza ndi K600,000 za chigayo chakale, bizinesi idzakhala ndi K1,100,000 pamwezi. Nambala ya zitini 40 ichokere m'kope lija la anthu obwezedwa. Chizindikiro cha manambala opeka ndi chakuti amafanana miyezi yonse, pamene aliyense akudziwa kuti chigayo chimadzaza anthu akangokolola ndipo chimachita zii nkhokwe zikayamba kutha.

Lachisanu ndi chiwiri: kubweza

Masilaidi ena onse amatumikira imeneyi. Iyenera kuonetsa ndalama yobweza pamwezi, ndi kuchuluka kwa ndalama zotsala poyerekeza nayo. Tiyerekeze kuti chiwongoladzanja ndi 36 peresenti pachaka, kutanthauza 3 peresenti pamwezi, chowerengedwa pa ngongole imene yatsala. Pa K12,000,000 kwa miyezi 24, zobweza ndi pafupifupi K709,000 pamwezi, ndipo pomaliza bizinesi idzakhala italipira pafupifupi K17,000,000. Wobwereketsa wina akhoza kutchula 3 peresenti yomweyo koma n'kumaiwerengera pa K12,000,000 yonse mwezi uliwonse, ngakhale gawo lina litabwezedwa kale. Pamenepo zobweza ndi K860,000 pamwezi, ndipo zonse zimafika K20,640,000. Silaidi inene njira imene yagwiritsidwa ntchito, ndipo ndalama zolipira pokonza ngongole ndi za inshuwalansi ziwerengedwenso.

Kenako K1,100,000 zotsala zimagawidwa ndi K709,000, ndipo yankho ndi 1.55. Kutanthauza kuti pa kwacha iliyonse yobweza, bizinesi ili ndi kwacha imodzi ndi matambala 55. Obwereketsa ambiri amafuna yankho losachepera 1.25, kuti pakhale popumira. Likakhala 1.0 kapena kutsika, sabata imodzi yoipa imakwanira kulepheretsa kubweza, ndipo njira yabwino ndi kuchepetsa pempho kapena kutalikitsa nthawi m'malo mokometsa manambala.

Avareji imabisa miyezi yovuta, choncho silaidi yomweyi ionetse mwezi uliwonse pawokha. Ngati mu Januwale ndi Febuluwale zotsala zimagwa kufika K500,000, paperewera K209,000 mwezi uliwonse. Mwini wake alembe kuti adzasunga K418,000 kuchokera pa phindu la Juni mpaka Ogasiti. Apemphenso, ngati zingatheke, mwezi umodzi kapena iwiri asanayambe kubweza, chifukwa makina sabweretsa ndalama ali pa lole kapena akudikira mmisiri.

Lachisanu ndi chitatu ndi lachisanu ndi chinayi: zovuta ndi chikole

Silaidi ya zovuta itchule zitatu zenizeni, chilichonse ndi yankho lake. Pa chigayo, choyamba ndi kuthimathima kwa magetsi, ndipo yankho lingakhale kugaya usiku magetsi akayaka. Chachiwiri ndi kupsa kwa mota, komwe kumafuna chipangizo choiteteza magetsi akasinthasintha ndi ndalama zosungidwa zokonzetsera. Chachitatu ndi chaka cha chilala. Apa pamafunika nambala: zitini zikatsika kuchoka pa 40 kufika pa 20, ndipo phindu la makina atsopano n'kutsika kufika pa K250,000, zotsala zonse ndi K850,000, ndipo yankho lija limakhala 1.2. Ngongole ikubwezekabe, ngakhale mothinana, ndipo woona za ngongole akanadziwerengera yekha zimenezi mwini wake akanapanda kutero.

Chikole chimabwera mochedwa mwadala. Banki imafuna kubwezedwa ndi phindu la bizinesi, ndipo kugulitsa katundu wa munthu ndi njira yomaliza, yochedwa komanso yodula. Silaidi itchule katundu aliyense, mwini wake, mtengo wake ndi chikalata chotsimikizira. Ku Malawi, lamulo la 2013 lokhudza chikole cha katundu wosuntha limalola kuti makina, galimoto kapena katundu wogulitsa alembetsedwe m'kaundula ngati chikole, choncho chigayo chakale ndi makina atsopano angaperekedwe. Wobwereketsa amawerengera mtengo wogulitsa mwachangu, umene umakhala wotsika kuposa wa pa lisiti. Malo a makolo opanda chikalata cha umwini savomerezeka kawirikawiri, ndipo katundu wa banja amafuna kuti mkazi kapena mwamuna wa wopemphayo avomereze. Ngongole zina zimene zilipo zinenedwe pano, chifukwa mabanki amafufuza mbiri ya wobwereka ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, ndipo ngongole yobisidwa ikatulukira imagwetsa pempho ngakhale ili yaing'ono.

Lakhumi: pempho ndi zikalata

Silaidi yomaliza imabwereza ndalama, nthawi yobweza ndi mwezi umene ndalamazo zikufunika. Pa chigayo, makina ayenera kukhala ataikidwa kukolola kusanayambe mu Epulo, choncho pempho liperekedwe miyezi ingapo nthawiyo isanakwane. Pansi pake pamalembedwa zikalata zimene zabweretsedwa: chiphaso cha unzika, setifiketi ya bizinesi, sitetimenti ya ku banki, makotesheni, pangano la lendi ndi zikalata za chikole. Masilaidi asungidwe ngati PDF kuti asasokonekere pa kompyuta ina, ndipo asindikizidwenso papepala, popeza zokambirana zambiri zimachitikira pa desiki lopanda choonetsera. Asanapite, mwini wake aonetsetse kuti nambala iliyonse ikufanana pa masilaidi onse ndi pa fomu, ndiponso kuti angathe kufotokoza kumene yachokera popanda kuyang'ana kwa amene anamuthandiza kulemba.