Chenjezo la pakalata kwa wochedwa kuntchito

Mlonda wa pasitolo amayenera kufika 6 koloko madzulo. M'mwezi umodzi wachedwa kanayi, ndipo kuchenjezedwa pakamwa sikunathandize. Kodi bwana achite chiyani?

Choyamba, amuitane ndi kumva mbali yake. Ku Malawi, lamulo la zolembana ntchito la chaka cha 2000 limafuna kuti chilango chikhale chachilungamo, ndiponso kuti munthu asachotsedwe ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza. Mwina mlondayo ali ndi matenda pakhomo, ndipo kungomusinthira nthawi kungathetse vutolo.

Ngati chifukwa chake sichikumveka, kalata ilembedwe. Mawu oti "mumachedwa nthawi zonse" sakwanira, chifukwa iye akhoza kungokana. Kalata itchule tsiku ndi nthawi monga zilili m'buku losainira: pa 3 Juni anafika 6:40, pa 11 anafika 7:15. Inenenso tsiku lomwe anachenjezedwa pakamwa, zimene iye anayankha, nthawi yoyenera kufika, ndi zomwe zidzatsatire akapitiriza. Kampani zambiri zimalembanso kuti chenjezolo ligwira ntchito kwa miyezi ingati, kaya 6 kaya 12.

Mlondayo asaine kusonyeza kuti walandira, osati kuti wavomera mlandu. Akakana kusaina, mboni ilembe kuti kalata yaperekedwa. Kope limodzi atenge, lina lilowe m'failo yake.

Chimodzi mwa zimene zingagwetse bwana kukhoti loona za ntchito ndi tsankho. Ngati wogulitsa m'sitolomo amachedwanso koma sanalembedwepo kalata, buku losainira lomwelo lidzaikira umboni mlondayo.