Botolo lasweka, lipoti linene chiyani?

Tiyerekeze kuti nthawi ndi 10 koloko m'mawa. Wothandizira mulabotale akuchokera kusitolo atakumbatira botolo lagalasi la malita 2.5, ndipo pokankha chitseko ndi chigongono botolo lija lapulumuka, phwa! pansi m'khonde la mkati. Muli dayikoloromifeni, mankhwala osungunulira zinthu omwe chizindikiro chake ndi CH₂Cl₂. Posakhalitsa anthu ayamba kudandaula mutu ndi chizungulire.

Onse akatuluka, zitseko zatsekedwa ndipo malo akonzedwa, woyang'anira labotale amakhala pansi kulemba lipoti. Ambiri amangoti "mankhwala anatayika, tinakolopa." Lipoti lotere silithandiza dokotala, silithandizanso wodzanyamula botolo lotsatira.

Lipoti labwino limayamba ndi dzina la mankhwala, kuchuluka kwake ndi nthawi, chifukwa apa ndi pomwe pamaonekera kukula kwa ngozi. Mankhwala amenewa amawira pa madigiri 40 okha, choncho sachedwa kuuluka, makamaka nyengo yotentha. Malita 2.5 amalemera makilogalamu 3.3, ndipo onse atauluka angatulutse nthunzi yoposa malita 900. M'khonde lotalika mamita 20, mulifupi 2, kupita m'mwamba 3, lopanda potulukira mpweya, zimenezi ndi magawo pafupifupi 7,800 pa miliyoni. Bungwe la OSHA ku Amereka limalola magawo 25 okha pa maola 8 a ntchito. Nthunziyo ndi yolemera kuposa mpweya pafupifupi katatu, motero imakwawa pansi, kulowa kunsi kwa zitseko ndi kutsika masitepe. N'chifukwa chake woyang'anira amalemba zipinda zomwe fungo linafika, osati pamene panagwera botolo pokha.

Kenako anthu. Ndani anali pafupi, kwa mphindi zingati, anamva chiyani? Ngakhale amene akuti ali bwinobwino alembedwe, pakuti chiwindi chimasandutsa mankhwalawa kukhala kaboni monokusaidi, ndipo mutu ungayambe patapita maola, munthu ali kale kunyumba. Wodwala mtima ndiye ali pachiopsezo chachikulu. Okolopa nawo afunsidwe zomwe anavala: magolovesi opyapyala a nayitirailo amalowetsa mankhwalawa m'kanthawi kochepa, ndipo masiki ya nsalu siletsa nthunzi n'komwe.

Povuta kwenikweni ndi pofotokoza chifukwa. Kulemba kuti "anasasamala" n'kosavuta, koma n'kuthawa funso. Bwanji ananyamula botolo pamanja? Mwina chidebe chalabala chonyamuliramo mabotolo chinasowa kalekale, mwina ngolo yake inathyoka gudumu, mwina chitseko chimafuna manja awiri. Mchenga kapena zoyamwira mankhwala zinali pafupi, kapena zinakhomeredwa muofesi ya munthu yemwe anali kutchuthi?

Gawo lomaliza limatchula chochita chilichonse, mwini wake ndi tsiku: wogula zidebe, wokonza chitseko, ndi wodzaonetsetsa kuti zinyalala zonyowa ndi mankhwalawa zatsekeredwa m'chigubu cholembedwa dzina.