Kuwala kofiira kwa haidrojeni: kuchokera pa 3 kugwera pa 2

Mpweya wa haidrojeni ukaikidwa m'chubu chagalasi n'kudutsidwamo magetsi, umawala. Kuwalako kukamwazidwa ndi galasi la prizimu, sikutulutsa utawaleza wonse ayi, koma mizere inayi yokha yooneka ndi maso. Wowala kwambiri ndi wofiira.

Niels Bohr anafotokoza chifukwa chake mu 1913. Elekitironi ya mu atomu ya haidrojeni siikhala paliponse. Ili ndi masitepe ake ngati makwerero. Mphamvu ya sitepe iliyonse imapezeka motere: E = −13.6/n² eV, pomwe n ndi nambala ya sitepeyo. Elekitironi ikatsika, mphamvu yomwe yataya imatuluka ngati kachidutswa kamodzi ka kuwala, fotoni.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa sitepe 3, tigawa −13.6 ndi 9, tipeza −1.51 eV. Pa sitepe 2, tigawa ndi 4, tipeza −3.40 eV. Kusiyana kwake ndi 1.89 eV, ndipo imeneyi ndiyo mphamvu ya fotoni. Kuti tipeze utali wa funde lake m'mananomita, tigawa 1240 ndi 1.89. Yankho ndi 656, mzere wofiira uja.

Ambiri amaphonya poiwala kuchulukitsa n ndi n yemweyo. Akatero amapeza pafupifupi 547, kuwala kobiriwira, pamene haidrojeni alibe mzere pamenepo. Kumbukiraninso kuti 13.6 ameneyu ndi wa haidrojeni yekha. Pa atomu ya maelekitironi ambiri, njira yosavutayi siigwira ntchito.