"Mumatumiza ku Mzuzu?": kuyankha kamodzi, onse amve

Aliyense wogulitsa malonda pa foni amalidziwa funso limene limabwera tsiku ndi tsiku. Tiyerekeze mayi wa ku Limbe amene amagulitsa zitenje pa Instagram ndi pa TikTok. Akangoika kanema wa katundu watsopano, pansi pake pamadzaza funso limodzi lomwelo: "Mumatumiza ku Mzuzu?" Akayankha mmodzimmodzi zala zimatopa, ndipo amene wafunsa usiku amagona asanayankhidwe, mawa n'kukagula kwina.

Mu 2020 TikTok inayamba kulola munthu kuyankha ndemanga ndi kanema, ndipo Instagram inatsatira kumapeto kwa 2021. Funso la kasitomala limaoneka pa kanemayo ngati kachikwangwani, choncho woonera aliyense amadziwa msanga chimene chikuyankhidwa. Koma yankho lathunthu limakhala m'malo atatu: kanema, mawu olembedwa pansi pake, ndi ndemanga yokhomedwa pamwamba pa zinzake. Luso lagona pa kudziwa choika pamalo alionse.

Kanema atenge zinthu zimene sizisintha msanga. Mayiyu asayambe ndi moni wautali kapena kuthokoza omutsatira, chifukwa chala cha woonera sichidikira. Mawu oyamba akhale yankho lenilenilo: "Ee, timatumiza ku Mzuzu, onani m'mene timachitira." Kenako aonetse manja ake akupinda chitenje, akuchikulunga m'pulasitiki kuti chisanyowe, akulemba dzina la wolandira, mpaka lisiti la kampani yotumiza katundu, ataphimba dzina ndi nambala ya mwini wake. Munthu amene akufunsa za kutumiza nthawi zambiri ali ndi nkhawa ina yosanena, yakuti ndalama zake zingapite katundu osafika. Lisiti looneka ndi maso limamukhazika mtima pansi kuposa malonjezo. Masekondi 20 kapena 30 ndi okwanira, ndiponso sadya bandulo ya woonera.

Ambiri amaonera ali mu minibasi, foni itatsekedwa mawu. N'chifukwa chake mfundo zikuluzikulu zilembedwenso pa chithunzi, chapakati, poti m'munsi ndi kudzanja lamanja kumaphimbidwa ndi mabatani.

Mawu apansi pa kanema ali ndi ntchito ina. Amadulidwa pakangotha mzere umodzi kapena iwiri, otsalawo n'kubisika kuseri kwa "more". Choncho mzere woyamba unyamule yankho ndi mayina a malo, monga momwe wogula angawalembere pofufuza: "Timatumiza zitenje kuchokera ku Limbe kupita ku Mzuzu, Lilongwe, Zomba ndi Karonga." Mzere wachiwiri ungolozera kwina: "Mitengo ndi kalipiridwe zili mu ndemanga yoyamba." Kudzaza malowa ndi mahashitagi n'kutaya mzere wokhawo umene anthu amawerenga.

Mtengo, tsono, usatchulidwe m'kanema. Ogulitsa amene analipo mu Novembala 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, amakumbukira kuti mitengo inasintha mwadzidzidzi. Kanema wakale amapitirira kuzungulira miyezi yambiri, ndipo kasitomala amafika akuumirira mtengo umene anaumva m'kamwa mwa wogulitsa. Mtengo ukhale mu ndemanga yokhomedwa, chifukwa imeneyo ingathe kufufutidwa, ina n'kulembedwa, kanema osakhudzidwa. Instagram imalola kukhoma ndemanga mpaka zitatu, YouTube imodzi yokha. Pamene batani la "Pin" palibe, mwini malonda alembe ndemangayo kanema akangotuluka, ndipo mawu apansi aja anene kuti yoona ndi ya mwini tsamba.

Ndemanga ya mayiyu iyambe ndi tsiku limene mitengoyo yalembedwa. Itchule mtengo wa chitenje, mtengo wotumizira paokha, masiku a sabata amene katundu amanyamuka, ndi kumene wogula akamutenge. Inenenso njira yolipirira, kaya Airtel Money kaya TNM Mpamba, komanso dzina limene lidzaoneke pa foni potumiza ndalama. Dzinali ndi lofunika chifukwa akathyali amakonda makanema otchuka: amalemba nambala zawo pansi, akunamizira kuti ndi mwini malonda, ndalama za ogula n'kulowera kwa iwo.

Ngati yankho lagwira kapena ayi, ndemanga zomwezo zimaulula. Funso la ku Mzuzu likabweranso pansi pa kanema woliyankha, ndiye kuti yankho linachedwa kumveka kapena linabisika kuseri kwa "more". Ziwerengero za kanemayo zikaonetsa kuti anthu akuchoka m'masekondi oyambirira, vuto ndi chiyambi chake. Koma mafunso akasintha n'kukhala akuti "Nanga ku Chitipa?" kapena "Chikafika chong'ambika mumabweza?", yankho loyamba lamveka, ndipo mayiyu wadziwa kanema amene ajambule sabata yamawa.