Sheya yakwera, koma ndalama yatha: delita ndi theta pa malonda a maopishoni

Amene anazolowera masheya amadziwa masamu amodzi osavuta. Mukagula masheya 100 ndipo mtengo wa iliyonse n'kukwera ndi dola imodzi, mwapindula madola 100. Mtengo ukangoima, simutaya kanthu, mutha kudikira chaka chonse muli phee. Masamu amenewa ndi amene amagwetsa anthu akayamba kugula maopishoni, chifukwa kumeneko dola imodzi siibwera yonse, ndipo kudikira n'kolipira.

Opishoni ndi mgwirizano wokupatsani ufulu wogula kapena kugulitsa sheya pa mtengo womwe mwagwirizana, lisanafike tsiku lomwe mgwirizanowo uthere. Ndi ufulu chabe, palibe wokukakamizani kuugwiritsa ntchito. Ufulu wogula amaulemba kuti `call`, wogulitsa amaulemba kuti `put`, ndipo mtengo wa mgwirizano uja ndi `strike`. Malonda otere anakhazikika pa msika wa Chicago Board Options Exchange mu 1973, chaka chomwecho chimene Fischer Black ndi Myron Scholes anatulutsa njira yowerengera mtengo wake. Pa misika ya ku Amereka, opishoni imodzi imaimira masheya 100. Pambali pa mtengo wake mumaona manambala angapo otchulidwa ndi zilembo za Chigiriki. Awiri amene munthu wochokera ku masheya ayenera kuyamba nawo ndi `Delta` ndi `Theta`.

Tiyerekeze kuti sheya ya kampani ina ili pa madola 100. Inu mukuganiza kuti ikwera, choncho mwagula ufulu woigula pa madola 100 omwewo, wotha pakapita masiku 30. Mtengo wa ufuluwo ndi madola 3.40 pa sheya, ndiye kuti opishoni imodzi mwailipira madola 340. Delita yake ikuonetsa 0.52, theta ikuonetsa -0.06.

Delita ikukuuzani mmene mtengo wa opishoni usinthire sheya ikasuntha ndi dola imodzi. Sheya ikafika pa 101, opishoni yanu ikwera ndi masenti pafupifupi 52, osati dola yonse. Ikatsika pa 99, itsika ndi masenti pafupifupi omwewo. Njira yabwino yoimvera ndi kuichulukitsa ndi 100: pakadali pano, opishoni yanu ikuchita ngati muli ndi masheya 52. Sheya yeniyeni delita yake ndi 1 nthawi zonse, n'chifukwa chake wamasheya sanaganizepo za nambalayi. Ufulu wogula uli ndi delita ya pakati pa 0 ndi 1, pomwe ufulu wogulitsa uli ndi ya pakati pa 0 ndi -1, popeza umapindula sheya ikamatsika.

Chovuta n'chakuti delita siikhala malo amodzi. Sheya ija itakwera lero lomwe kufika pa 105, delita ingafike cha m'ma 0.73. Itatsika pa 95, ingagwe kufika cha m'ma 0.29. Choncho masheya 52 ongoyerekeza aja amachuluka zinthu zikamakuyenderani, n'kumachepa zikamakuipirani. Kwa wogula ili ndi khalidwe labwino, ndipo n'limene akulipira madola 340 aja. Amalonda ambiri amaiwerenganso delita ngati muyezo wa mwayi: opishoni ya delita 0.10 ili ndi mwayi pafupifupi umodzi pa khumi woti idzakhale ndi phindu pa tsiku lomaliza. Si muyezo wolondola kwenikweni, koma umathandiza kwambiri munthu amene wakopeka ndi opishoni yotchipa. Yatchipa chifukwa msika ukuona kuti kasanu ndi kanayi pa khumi idzatha ili yopanda ntchito.

Theta ndi yomwe imapweteka mwakachetechete. Nambala ija -0.06 ikutanthauza kuti tsiku likadutsa, china chilichonse chili chimodzimodzi, opishoni yataya masenti 6 pa sheya, omwe ndi madola 6 pa mgwirizano wonse. Zili ngati lendi ya nyumba: mugonemo kapena musagonemo, tsiku lawerengedwa. Chifukwa chake n'chomveka. Ufulu wogula pa 100 sheya imene ili pa 100 ulibe phindu lililonse lero. Madola 3.40 onse aja mwalipirira chiyembekezo choti m'masiku 30 mtengo usuntha. Tsiku lililonse lodutsa likuchepetsa mpata woti zimenezo zichitike, ndipo pa tsiku lomaliza chiyembekezocho chimakhala chatheratu.

Apa m'pofunika kufatsa, chifukwa kutayako sikuyenda mofanana. Wina angagawe 340 ndi 30 n'kuganiza kuti azitaya madola 11 tsiku lililonse. Si mmene zimakhalira. Ngati sheya yangoima pa 100, pakatsala masiku 15 opishoni imakhala ikadali cha m'ma 2.40. Theka la nthawi lapita, koma yataya dola imodzi yokha. Pakatsala masiku 7 ili cha m'ma 1.65, ndipo theta yafika pa -0.12, kawiri kuposa poyamba. Zotsalazo zimasungunuka m'sabata imodzi yomalizayo. Masiku oyambirira amamugoneka munthu tulo, amaona ngati palibe chikuchitika, ndiye amasunga opishoni mpaka kulowa m'nyengo yomwe imadya kwambiri.

Tsopano tiike ziwirizi pamodzi. Sheya ikakwera dola imodzi mawa lomwe, delita ikupatsani madola 52, theta ikulandani 6, mwatsala ndi phindu la 46. Koma ikakhala chete masiku 10, theta yatenga kale madola pafupifupi 60, ndipo sheya iyenera kukwera kupitirira dola imodzi kuti mungobwerera pomwe munayambira. Nanga ikakwera pang'onopang'ono n'kufika pa 102 tsiku lomaliza? Munalosera bwino, sheya yakweradi. Mnzanu amene anagula masheya 100 wapindula madola 200. Inu ufulu wanu wogula pa 100 chinthu cha 102 ndi wa madola 2 pa sheya, ndiye 200 yonse, pomwe munalipira 340. Mwataya madola 140. Kuti ndalama yanu ingobwerera, sheya inayenera kufika pa 103.40. Ine ndimaona kuti aliyense asanagule opishoni yoyamba ayenera kuwerengera yekha chitsanzo chotere ndi cholembera, chifukwa pa opishoni sikokwanira kudziwa komwe mtengo ukulowera. Muyeneranso kudziwa kuti ufika pati, ndipo ufika liti.

Pali ubwino wake womwe sitiyenera kuubisa. Sheya ija itagwa kufika pa 80, mnzanu uja wataya madola 2,000, inu mwataya 340 yokha basi.

Ndalama imene theta ikukulandani imapita kwa amene anakugulitsani opishoniyo. Kwa iye nthawi ikugwira ntchito yomukomera, ndipo n'chifukwa chake ena amathamangira kugulitsa maopishoni poganiza kuti apeza malipiro a tsiku ndi tsiku. Koma iye delita yake ndi yotembenuka. Sheya ikalumpha kufika pa 120, ayenera kupereka pa 100 chinthu cha 120, ndipo ngati analibe masheyawo m'manja, wataya madola 2,000 atalandira 340.

Manambala onse awiriwa amanena zoona pokhapokha zina zonse zikakhala chimodzimodzi, ndipo ndi a lero lokha. Mtengo wa opishoni umadaliranso mmene msika ukuyembekezera kuti sheya igwedezeka. Kampani ikatsala pang'ono kulengeza zotsatira za malonda ake, maopishoni amakwera mtengo chifukwa anthu akudikira nkhani yaikulu. Nkhaniyo ikangotuluka, mtengowo umaphwa. Mukaona opishoni yanu yatsika kwambiri kuposa mmene theta inanenera pomwe sheya sinasunthe, kawirikawiri chachitika n'chimenecho, ndipo nambala yoyeza zimenezi ndi `Vega`, yomwe imakhala pa mzere womwewo.