Levi ikakwera, onetsani komwe ndalama ikupita

Ku South Africa, munthu akagula fulati m'nyumba yosanja, ku Joni kapena ku Durban, amagulanso gawo la denga, masitepe ndi mapaipi a nyumba yonseyo. N'chifukwa chake mwezi ndi mwezi amasonkha ndalama yotchedwa levi. Leviyo ikakwera, matrasiti, omwe ndi anthu osankhidwa ndi eni mafulati kuti aziyendetsa nyumbayo, amakhala ndi ntchito yofotokoza. Kungolemba kuti zinthu zadula sikukhutiritsa munthu.

Lamulo la m'dzikomo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016 limati pakhale matumba awiri a ndalama. Loyamba ndi la zofunika za chaka chimenecho, monga alonda, inshuwalansi, magetsi a m'makonde ndi osesa. Lachiwiri ndi losungira ntchito zikuluzikulu, monga kupenta ndi kukonza denga, motsatira ndondomeko ya zaka 10. Thumba lachiwirili likachepera pa 25 peresenti ya zimene eni anasonkhera loyamba chaka chatha, ayenera kuikamo ndalama yosachepera 15 peresenti ya zimene asonkhere loyambalo chaka chino.

Tiyerekeze nyumba yomwe mafulati ake onse pamodzi ndi masikweyamita 2,000. Chaka chatha eni anasonkha R600,000, koma thumba losungira lili mbee, sanaikemo kalikonse. Chaka chino zofunika zafika pa R660,000, ndipo thumba losungira likufuna R99,000. Zonse zakwana R759,000.

Aliyense amalipira molingana ndi kukula kwa fulati yake. Ya masikweyamita 80 imasenza 4 peresenti, choncho mwini wake amene ankalipira R2,000 pamwezi azilipira R2,530. Iye akangomva kuti levi yakwera ndi 26.5 peresenti amayamba kukayikira kuti wina akudya ndalama. Kalata yabwino imagawa R530 yowonjezerayo pawiri: R200 yabwera chifukwa cha kukwera kwa mitengo, pomwe R330 ikukasungidwa kuti denga likadzayamba kudontha pasadzabwere chopereka chadzidzidzi cha ndalama zambiri nthawi imodzi. Kalatayo ionetsenso chinthu chilichonse pamzere wake, mtengo wa chaka chatha pambali pa wa chaka chino.

Eni auzidwenso kuti bajeti amavomereza ndi iwo omwe, pa msonkhano wa pachaka. Chaka cha ndalama chikatha msonkhanowo usanachitike, matrasiti angakweze levi mongoyembekezera, koma osapitirira 10 peresenti. Bajeti ikavomerezedwa, aliyense ayenera kulandira kalata yonena ndalama yake pasanathe masiku 14.

Wosakhutira angakadandaule ku CSOS, bungwe la boma loweruza mikangano ya m'nyumba zotere. Koma asasiye kulipira podikira chigamulo, chifukwa ngongole ya levi ingathe kubala chiwongoladzanja, ndipo fulati singasinthidwe umwini ngongoleyo isanabwezedwe kapena kupanganidwa kabwezedwe kake.