Kosi yotchipa pachikwangwani si yotchipa m'thumba

Zikwangwani za sukulu zophunzitsa ntchito zamanja zili ponseponse m'matauni: utelala, ukalipentala, kuwotcherera, kukonza tsitsi. Chimene chimalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu ndi fizi, koma fizi ndi gawo chabe la ndalama zimene mudzawononge.

Tiyerekeze kuti mtsikana akufuna kuphunzira kusoka ndipo wapeza sukulu ziwiri. Yoyamba ili m'tauni, kosi yake ndi ya miyezi itatu, fizi K180,000. Yachiwiri ili kufupi ndi kwawo, miyezi isanu ndi umodzi, fizi K300,000. Ambiri angathamangire yoyambayo. Koma kumeneko nsalu, ulusi ndi sizasi wophunzira amagula yekha, tinene K60,000, ndipo minibasi ya K3,000 patsiku kwa masiku 60 ikudya K180,000 ina. Zonse pamodzi zafika K420,000. Kusukulu yachiwiri zipangizo zili kale mufizi, amapita wapansi, ndipo amangowonjezera K50,000 ya mayeso. Yomwe imaoneka yodula ija yathera pa K350,000.

Kutalika kwa kosi nako musakuyese ndi miyezi yokha. Kaloweni m'kalasi muwerenge makina. Ngati ophunzira 20 akulimbirana makina asanu kwa maola anayi, aliyense amapalasa ola limodzi patsiku, ndiye kuti maola 60 pakosi yonse. Kumene awiri amagawana makina amodzi kwa masiku 120, aliyense amapeza maola 240. Wa maola 60 uja atha kusoka siketi, koma kolala ya shati ndi zipi ya thalauza zidzamuvutabe. Funsaninso ngati sukuluyo imatumiza ophunzira kukazolowera ntchito kwa amisiri.

Kenaka pali nkhani ya pepala. Satifiketi zina zimangonena kuti munthu anakhala nawo pamaphunziro, ndipo amasaina ndi mwini sukulu yekha. Zina zimaperekedwa munthu atayesedwa luso lake ndi oyesa ochokera kunja kwa sukuluyo. Kuno ku Malawi, bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndilo limalembetsa sukulu zotere. Musakhutire ndi mawu akuti "tinalembetsa". Pemphani kuona chikalata chake, ndipo muonetsetse kuti kosi imene mukufunayo ndi yovomerezekadi. Dzina la bungwe loyesa mayeso akuuzeni musanalipire ngakhale tambala.

Phindu la pepalalo limadalira kumene mukulowera. Ngati cholinga n'kuika makina pakhonde kumsika, kasitomala amatembenuza chovala n'kuyang'ana msoko, safunsa satifiketi. Pamenepo sankhani sukulu ya maola ambiri pamakina. Koma wofuna kulembedwa ntchito m'boma kapena pakampani, kapenanso kudzapitiriza maphunziro kusukulu zaluso monga Soche, Nasawa kapena Namitete, pepala losainidwa ndi mwini sukulu yekha silingamufikitse patali, ndipo mwina adzalipiranso kuti ayesedwe mwatsopano.